Makalata awiri, chaka chimodzi: mfundo zofunika poyankha a msonkho

Tiyerekeze kuti tasamutsa sitolo yathu kuchoka ku Mzuzu kupita ku Lilongwe. Ofesi ya MRA ya kumene tinachoka yatilembera kuti pa chaka choyambira Epulo 2023 mpaka Malichi 2024 tili ndi ngongole ya K480,000. Ya kumene tafika ikuti K150,000. Titani, abale?

1. Tisasankhe kalata yotikomera. Ndani wa ife sangathamangire ku K150,000, inayo n'kuibisa pansi pa mphasa? Komatu kalata siifa chifukwa yabisidwa. Iliyonse ili ndi masiku ake otsutsira, kuyambira pa deti lake, ndipo akatha tili chete, ndalama yalembedwayo imakhala ngati taivomera, chiwongoladzanja n'kumakwera.

2. Tifufuze kaye, kulusa pambuyo. Tiyale makalatawo pathebulo, moyandikana. Kodi TPIN ndi yathu ponse pawiri? Nanga msonkho wake ndi umodzi? Nthawi zina kalata imodzi ikunena za msonkho wa phindu pamene inayo ikunena za PAYE ya antchito athu, ndiye kuti onse akunena zoona, ngongole ndi ziwiri. Zonse zikafanana, tichotsere: K480,000 kuchotsapo K150,000 yatsala K330,000. Nambala imeneyi ndiyo phazi loti tilondole m'malisiti mwathu. Mwina tiipeza pa satifiketi ya sukulu imene tinkaigulitsa katundu: inadula msonkho isanatilipire, ife satifiketiyo n'kukapereka ku ofesi imodzi yokha. Si zoona kodi kuti ambirife timaloza chala tisanatsegule n'komwe katoni ya mapepala athu?

3. Tilankhule mawu amodzi kwa onse. Kukanena zina ku Mzuzu, zina ku Lilongwe, ndi kudzitchera msampha. Tilembe kalata imodzi, ipite ku ofesi zonse ziwiri. M'menemo titchule TPIN, chakacho, nambala ndi deti la kalata iliyonse, ndalama imene tikuvomera ndi chifukwa chake, ndipo tinene mosabisa kuti K480,000 ija tikuitsutsa. Tipemphe kuti atiuze molemba ofesi imene ikusunga faelo yathu tsopano, komanso kuti kalata yolakwikayo ithetsedwe. Tiphatikizepo mafotokope a makalata awo ndi a satifiketi ija. Zenizenizo zitsale kunyumba. Kope yathu aidindepo chidindo cha tsiku limene alandira. Bwana wa pakauntala akhoza kutiuza mwaulemu kuti “musadandaule, tikonza”, koma mawa akasamutsidwa, mboni yathu idzakhala ndani?

4. Tilipire zimene tikudziwa kuti n'zathu. K150,000 ija sitikuikana, nanga tiisungirenji mpaka mkangano uthe? Tiilipire, tionetsetse kuti lisiti latchula msonkho wake ndi chaka chake, kenako fotokope yake tiitumize ku ofesi zonse ziwiri.