ZA KUPATSA WINA MPHATSO IMENE TALANDIRA

M'midzi mwathu muli milandu yambiri imene ciyambi cace ndi mphatso. Munthu apatsa mbale wace nsaru kapena nkhuku, ndipo popita masiku aiona m'manja mwa wina. Pamenepo mtima umuwawa, moni nazirala pakati pao. Cifukwa cace ena afunsa kuti, Kodi nkuloleka kwa Mkristu kupatsa wina cimene iye mwini anacita kupatsidwa? Tiyankha kuti nkuloleka ndithu. Cimene cilasa mtima wa wopatsa si kupitirira kwa mphatso ai, koma kubisa ndi kunama kumene kutsagana nako.

Taonani umo anacitira Ambuye Yesu podyetsa khamu la amuna 5,000. Iye ananyema mikate, napatsa akuphunzira ace, ndipo iwo anagawira anthu. Mkate uja unafika kwa wanjala podzera m'manja mwa ena amene anayamba kuulandira. Ifenso tonse, cimanga ciri m'nkhokwe, mvula imene inacimeretsa, ndi mphamvu yogwira khasu, zonsezi tinalandira kwa Mulungu. Tsono mphatso iri yonse imene tipatsa mnzathu ndiyo mphatso yopitiriza. Akuru akale anati, Kupatsa nkuika. Cinthu cimene cigona m'sutikesi kufikira njenjete zitacidya, cimeneco sicinaikidwe, cangotayika.

Koma kumbukirani Hananiya ndi Safira, pa Macitidwe 5. Petro anauza Hananiya poyera kuti munda unali wace, ndi ndalama zomwe zinali m'mphamvu yace kucita nazo monga afuna. Cimo lao linali bodza. Momwemonso mphatso ikalowa m'nyumba mwako iri yako. Koma ulibe ufulu wakunama za iyo, kapena kwa amene anakupatsa, kapena kwa amene ulikumpatsa.

Tiyeni tiyese nkhani imodzi, kuti tione mayendedwe ace. Mnyamata wabwera kucokera ku nchito ku Joni, natengera amace bulangete latsopano. Koma maiyo ali nalo kale lina labwino, limene anampatsa mwana wace wamkazi caka catha. Pafupi pali mkazi wamasiye wa mumpingo, amene agona ndi citenje cokha m'cisanu ca mwezi wa Juni. Mtima wa maiyo ufuna kumpatsa bulangete latsopanolo. Adzacita bwanji?

Njira yoipa ndi iyi: alipereka usiku, nati kwa wamasiye, Musauze munthu. Koma bulangete silibisika pamudzi, pakuti liyenera kucapidwa ndi kuyanikidwa padzuwa. Mnyamata popita kumunda aliona pacingwe ca eni, nalizindikira maanga ace. Afunsa amace, ndipo iwo pocita manyazi ati, Linabedwa. Onani tsono zimene zabadwa: mwana ayesa kuti amai ananyoza thukuta lace, wamasiye ayesedwa mbala, ndipo maiyo afika pa Mgonero ali ndi bodza mumtima. Cifundo cimodzi cabala zoipa zitatu, cifukwa ca kubisa kokha.

Njira yabwino iyamba ndi kulandira. Maiyo alandire ndi manja awiri, ayamike, ndipo alipfunde masiku angapo mwana wace alikuona. Wopereka mphatso tsiku lomwelo limene wailandira ali ngati wonena kuti, Sindinaifune. Atapita masikuwo, aitane mwanayo pa okha, osati pabwalo, ndiponso osatuma mau mwa mlongo wace kapena mwa mkazi wace. Pakuti kandimverere anakanena za m'maluwa. Anene naye cotere: Mwana wanga, bulangete lija landikondweretsa, ndipo ndidziwa kuti unagona ndi njala kuti uligule. Koma ine ndiri nao awiri, ndipo amai aja akuseri agona ndi citenje. Ndifuna kuwapatsa limodzi. Iwe uti bwanji?

Mau amenewa ali ndi mafupa awiri. Loyamba ndilo kuchula mtengo wa mphatso, ndiye kubvutika kwa wopatsa. Mfumu Davide anacita comweco, monga tiwerenga pa 2 Samueli 23. Ngwazi zace zitatu zinapyola misasa ya Afilisti kukamtungira madzi a pacitsime ca ku Betelehemu, ndipo iye sanamwe, koma anawathira pansi, kuwapereka kwa Yehova. Sanacite mobisa, ananena poyera kuti madziwo alingana ndi mwazi wa amuna amene anaika moyo wao paciswe. Sanapeputse mphatso yao, koma anaikweza. Laciwiri ndilo kufunsa moona, kokhala wokonzeka kumva iai. Mwana akati, Amai, limenelo ndinagulira inu, maiyo asaumirire. Asunge latsopanolo, napatse wamasiye la caka catha, atayamba kufunsanso mwana wamkazi. Akabvomera, nkwabwino kuti mnyamatayo anyamule bulangete yekha ndi kuperekeza amace, kuti mayamiko agwere onse awiri.

Kwa wolandira nayenso tinene zoona. Maiyo asati, Ndakugulirani ku sitolo, kudzitengera ulemu wa thukuta la wina. Anene kuti, Ili anandipatsa mwana wanga, ndipo tapangana kuti likhale lanu. Wolandira sacita manyazi ndi mau otere. Manyazi amgwira pamene adzamva kwa anthu ena kuti anapatsidwa cotsala, namnamiza. Ndipo pali muyeso wodziyesa nao tisanapereke: kodi ndipatsa cifukwa mnzangayu acisowa, kapena cifukwa ine canditopetsa? Mneneri Malaki anadzudzula ansembe cifukwa ca nsembe za nyama zakhungu ndi zotsimphina, nawafunsa ngati kazembe wao akadalandira zotere. Malaya osakukwana, koma abwino, apatse amene amkwana. Koma mbale yobooka kapena nkhuku yodwala citopa si mphatso, ndiko kutayira zinyalala pakhomo pa mbale wako.

Komabe ziripo zinthu zina zosayenera kupitirizidwa konse. Coyamba ndico cikole, ndi zonse zimene mwamuna ndi mkazi apatsana monga cizindikiro ca pangano lao. Wopereka cimeneco kwa wina wapereka pangano lomwe. Caciwiri ndico copatsidwa ndi nchito yace yochulidwa. Atsibweni akatumiza ndalama nati, Izi nza sukulu ya mwana, sungathe kuzipereka pamaliro kapena kucopereka ca Sabata wosawafunsa, cingakhale colinga cako ncabwino. Cacitatu ndico cosungitsa. Mbuzi imene mbale anaika m'khola mwako popita kuulendo si yako, ngakhale yakhala zaka zisanu. Ngati ukayika kuti kapena anakupatsa kapena anakusungitsa, funsa usanaigwire cingwe.

Tsono, abale, pofuna kupitiriza mphatso dzifunseni funso limodzi: Kodi wondipatsa ndi amene ndifuna kumpatsa atakomana panjira, nakambirana za cinthu ici, ine ndidzacita manyazi? Ngati mudzacita manyazi, imani, mukakonze mau poyamba. Ngati simudzatero, perekani mokondwera, pakuti mwakondweretsa anthu awiri ndi mphatso imodzi. Ndipo ngati alipo wina wowerenga mau ano amene anabisa kale, nanama, apite kwa mbale waceyo lisanafike tsiku la Mgonero, akaulule ndi kupepesa. Inunso amene munapatsa, mukaona nsaru yanu yabvalidwa ndi wosauka, musafulumire kukwiya. Yafika kumene Mwini zonse anaifuna. Mulungu wa mtendere asunge nyumba zanu. Amen.