Moni Pakhomo la Zipembedzo Ziwiri

Abale, mwafika pakhomo pamene mayi ndi Mkatolika, bambo ndi Msilamu. Muwadalitsa bwanji? Mukatchula Atate, Mwana ndi Mzimu Woyera, bambo sangayankhe "Amen" ndi mtima woona, poti Chisilamu sichivomereza Utatu Woyera. Mukapewa kutchula Mulungu, mwabisa chikhulupiriro chanu ndipo mayi mwawamana dalitso.

Mu 1965 Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatikani unaphunzitsa kuti Asilamu amapembedza Mulungu mmodzi, wachifundo. Choncho kwa banja lonse nenani kuti, "Mulungu wachifundo akupatseni mtendere." Moni wawo wa "salaam" umatanthauzanso mtendere.

Mayi akapempha pemphero, apo chitani chizindikiro cha mtanda poyera, bambo angokhala chete mwaulemu. Chofunika n'chakuti dalitso lathu lisachititse munthu kuvomera pakamwa zimene mtima wake ukukana.