Tilembe Actellic kapena akiteliki?

Ena okonda chinenero chathu amadandaula kuti dzina ngati Actellic likakhala pakati pa chiganizo cha Chichewa limakhala ngati mwala mu mpunga, choncho tizingolemba akiteliki monga momwe timatchulira. Ine ndikuti zimatengera chimene wowerenga akachite ndi dzinalo. Ngati akalifunefune pa paketi, pa thumba kapena pa foni, lisiyeni momwe eni ake adalilembera.

Taganizirani mlimi wa ku Songani amene wakolola chimanga ndipo akuopa anankafumbwe. Pakamwa pake akiteliki ndi mankhwala alionse othira m'chimanga, monga momwe safu alili sopo aliyense waufa. Koma m'sitolo za zipangizo zaulimi muli Actellic waufa ndi wina wamadzi wolembedwa 50 EC, ndipo kathiridwe kake n'kosiyana: waufa amasakaniza ndi chimanga, wamadzi amayamba wasungunulidwa kenako n'kupopera. Kapepala ka malangizo kakangoti "thirani akiteliki", mlimi alibe choyerekezera ndi zimene zalembedwa pa botolo, ndipo wogulitsa pamsika angathe kumupatsa ufa uliwonse. Zotsatira zake zimadziwika patapita miyezi, thumba likayamba kutuluka fumbi. Apa Chichewa chigwire ntchito yake pambali pa dzinalo, kufotokoza kuti ndi waufa kapena wamadzi.

Chimene chimandisowetsa mtendere ndi mawu oti edzi. Adachokera ku zilembo zinayi za Chingerezi, AIDS, koma lero palibe amene amawaona ngati achilendo, ndipo akadatsekeredwa m'zilembozo sakadalowa m'nyimbo ndi m'maulaliki. Kodi poumirira kalembedwe ka eni sitikutseka khomo limene edzi, feteleza ndi sukulu zidalowera? Ndikuvomera, ngozi imeneyo ilipo. Komabe edzi si katundu wa kampani, ndipo palibe amene amakaifunsa m'sitolo. Dzina la malonda nalo likasanduka la wina aliyense, tilembe mwathu ndi chilembo chaching'ono: safu, kolugeti, ngakhale akiteliki amene, pokamba nkhani wamba. Wolemba sayenera kutsogola. Adikire anthu alitafune kaye.

Pa mayina achidule, kumasulira chilembo chilichonse nthawi zambiri n'kutaya inki. ADMARC idakhazikitsidwa mu 1971, ndipo agogo amene sadziwa kuti D akuimira chiyani amadziwa bwino kumene amakaima pamzere chaka cha njala. Kunena kuti N, P ndi K akuimira michere iti sikuthandiza mlimi ngati momwe mawu oti "wokulitsa" amamuthandizira. Tilembe "feteleza wokulitsa wa NPK", chifukwa zilembozo ndi zimene akazione pa thumba.

Makampani enieniwo adaona kale vutoli. Seed Co idapatsa mbewu yake ya SC 403 dzina loti Kanyani, koma nambalayo sidaichotse pa paketi. Alembi athu achite chimodzimodzi.