Musanandiuze kuti AUC yanu ndi 0.9

Ana anga, masiku ano ambiri a inu mukuphunzitsa makompyuta kusankha: uyu ali ndi matenda, uyu alibe, uyu adzabweza ngongole, uyu sadzabweza. Mukamaliza mumandionetsa nambala imodzi, AUC, nkhope zikuwala. Ndikafunsa kuti nambalayo ikunena chiyani, yankho lomwe ndimamva kawirikawiri ndi lakuti, "Bambo, ndiye kuti pulogalamuyi imalondola ka 90 pa 100 aliwonse." Ayi ndithu, sikuti ikunena zimenezo. Khalani pansi tiwerengere limodzi, chifukwa kuseri kwa nambalayi kuli anthu oti atumizidwe kukayezetsa ndi ena oti abwezedwe kunyumba.

Titenge ntchito yomwe ikuchitikadi m'zipatala. Mu 2021 bungwe la WHO linavomereza kuti mapulogalamu a kompyuta aziwerenga zithunzi za m'chifuwa pofufuza chifuwa chachikulu cha TB mwa anthu a zaka 15 kupita m'tsogolo. Pulogalamu yotere sinena kuti munthu akudwala kapena ayi. Imangopatsa chithunzi chilichonse malikisi, tinene kuyambira 0 mpaka 100, ndipo malikisi akakwera ndiye kuti ikukayikira kwambiri. Munthu ndiye amaika malire, kuti wopitirira apa akapereke makhololo akayezedwe pa makina a GeneXpert. Gwiritsitsani mfundo imeneyi: malikisi ndi a pulogalamu, koma malire ndi anu.

Tiyerekeze kuti tili ndi anthu khumi omwe zotsatira zawo za ku labotale tikuzidziwa kale. Anayi ali ndi TB, ndipo pulogalamu yawapatsa 90, 80, 60 ndi 35. Asanu ndi mmodzi alibe, ndipo apeza 70, 50, 40, 30, 20 ndi 10. Mukaika malire pa 55, mugwira odwala atatu mwa anayi, koma mutumizanso kukayezetsa munthu mmodzi wosadwala, uja wa 70. Wodwala wa 35 apita kwawo akutsokomolabe. Mukafuna kuti nayenso mum'gwire, mutsitsa malire kufika pa 33, ndipo pamenepo osadwala atatu alowa nawo. Malire aliwonse amabala nambala ziwiri: gawo la odwala amene mwagwira, ndi gawo la osadwala amene mwawakayikira pachabe. Mzere wa ROC ndi nambala ziwiri zimenezi zitajambulidwa pa galafu kwa malire onse otheka, yoyamba chokwera, yachiwiri cha kumanja.

Kamodzi kokha pa moyo wanu, ujambuleni ndi pensulo. Ndandalikani anthu khumi aja kuyambira wa malikisi ambiri, muyambire pangodya yapansi kumanzere. Mukapeza wodwala, kwerani sitepe imodzi mwa zinayi. Mukapeza wosadwala, pitani kumanja sitepe imodzi mwa zisanu ndi imodzi. Wa 90 mukwera, wa 80 mukwera, wa 70 kumanja, wa 60 mukwera, wa 50 ndi wa 40 kumanja kawiri, wa 35 mukwera komaliza, ndipo otsala atatuwo akutengerani kumanja mpaka pangodya yapamwamba. Mukatero mudzaona ndi maso anu chifukwa chake pulogalamu yabwino imakwera msanga n'kuyandikira ngodya yapamwamba kumanzere, pomwe yongolota imayenda pakati mopingasa, chifukwa odwala ndi osadwala yawasakaniza.

Tsono AUC ndi kukula kwa malo omwe ali kunsi kwa mzerewo, galafu yonse ikakhala 1. Pa mzere wathu malowo ndi 0.83. Koma pali njira ina yoipezera, ndipo imeneyo ndiyo imaulula tanthauzo lake. Tengani wodwala mmodzi ndi wosadwala mmodzi, muwaimike awiriawiri. Odwala anayi ndi osadwala asanu ndi mmodzi akupatsani magulu 24. Pa gulu lililonse funsani: kodi pulogalamu yaika wodwala pamwamba? Wa 90 waposa osadwala onse 6, wa 80 nayenso 6, wa 60 waposa 5, wa 35 waposa 3 okha. Zonse pamodzi ndi 20, ndipo 20 kugawa ndi 24 ndi 0.83 yomwe ija. Akanafanana malikisi, gululo tikanaliwerengera theka. Hanley ndi McNeil anafotokoza bwino zimenezi mu 1982 m'magazini ya madokotala ounika m'thupi yotchedwa Radiology, ndipo ndi chiwerengero chomwecho chimene ophunzira masamu amachidziwa ndi maina a Mann ndi Whitney. Choncho AUC ikuyankha funso limodzi lokha: mutatola mwachisawawa wodwala mmodzi ndi wosadwala mmodzi, pali mwayi wotani kuti wodwalayo akhale ndi malikisi oposa mnzakeyo? Ndi muyeso wa luso londandalika anthu. Yongolota imapeza 0.5, ndipo mukaona `roc_auc_score` ikukupatsani 0.17 musathamangire kutaya ntchito yanu, yambani mwayang'ana ngati simunasinthanitse 0 ndi 1 polemba odwala.

Onani tsopano zimene funso limenelo silikhudza. Gawani malikisi onse khumi aja ndi 10, kuti wa 90 akhale 9 ndipo wa 10 akhale 1. Ndandanda sinasinthe, kotero AUC ikadali 0.83. Ndiye kuti nambalayi singakuuzeni ngati munthu wa malikisi 80 alidi ndi mwayi wa 80 pa 100 woti akudwala. Ngati dokotala adzawerenge malikisiwo monga mwayi, muyenera kuyesa zimenezo padera: sonkhanitsani onse omwe anapeza pafupi ndi 80, muwerenge kuti odwaladi ndi angati.

Chachiwiri ndi chomwe ndimafuna chikulowereni kwambiri. Tiyerekeze kuti kwabwera pulogalamu ina, tayiyesa pa anthu khumi omwewo. Iyo yalakwa pa munthu mmodzi yekha: yaika wosadwala mmodzi pamwamba pa onse, kenako odwala anayi motsatizana, kenako osadwala asanu otsalawo. Wodwala aliyense waposa osadwala 5, ndipo 4 kuchulukitsa ndi 5 ndi 20. AUC yake ndi 0.83, ndendende ngati yoyamba ija. Kodi ndiye kuti n'zofanana? Ngati cholinga chanu n'chakuti musaphonye wodwala aliyense, yachiwiriyi igwira onse anayi itavutitsa wosadwala mmodzi yekha, pomwe yoyamba imavutitsa atatu. Koma ngati lero ku labotale kwatsala zoyezera ziwiri zokha, yoyamba ikupatsani odwala awiri, yachiwiri ikupatsani wodwala mmodzi ndi wosadwala mmodzi. Mizere yawo imadutsana pa galafu, ndipo AUC, poti imaphatikiza malire onse, ngakhale amene simudzawagwiritsa ntchito n'komwe, imabisa kudutsanako. Palibe chipatala chomwe chimagwira ntchito pa mzere wonse. Chimagwira pa malo amodzi, ndipo n'chifukwa chake WHO, pofotokoza mu 2014 za chida chabwino chosankhira oti akayezetse TB, inatchula malo pa mzere: chigwire odwala osachepera 90 pa 100, ndipo chimasule osadwala osachepera 70 pa 100. Mukamayerekeza mapulogalamu awiri pa ntchito imeneyi, ikani chala pa 0.9 chokwera, muone kuti mzere uliwonse wapita kumanja motani kuti ufike pamenepo.

Malo amenewonso ali ndi chobisika chake. Mzere wa ROC umawerengera odwala paokha ndi osadwala paokha, kotero sudziwa kuti odwala ndi ochuluka bwanji pakati pa anthu. Titenge pulogalamu yokwanitsa 90 ndi 70 zija. Pachipatala, pakati pa anthu 1,000 obwera akutsokomola, tiyerekeze kuti 200 ali ndi TB. Igwira 180, ikayikiranso 240 mwa osadwala 800. Mwa anthu 420 otumizidwa kukapereka makhololo, 180 apezekadi ndi matenda. Tsopano ikwezeni pa galimoto mupite nayo kumudzi, komwe mwa anthu 1,000 odwala ndi 10 okha. Igwira 9, koma ikayikira 297 mwa osadwala 990. Anthu 306 akayezetsa kuti mupeze 9, pafupifupi atatu pa 100 aliwonse. Pa galafu kadontho kali pomwe kanali. Ku labotale ndiye zoyezera zikutha, ndipo anthu 297 agona ndi nkhawa. Sindikunena kuti kufufuza kumudzi n'kulakwa, pakuti odwala 9 amenewo akanapatsira anzawo ambiri. Ndikunena kuti amene akugula zoyezera ndi amene akukalankhula ndi anthu ayenera kumva nambala ya 306, osati 0.9 yokha.

Ena a inu munaphunzira kuti popeza mzerewu sudalira kuchuluka kwa odwala, ndiye kuti AUC ya kwina igwiranso ntchito kwanu. Pamenepo samalani. Sudalira kuchuluka kwawo, koma umadalira kwambiri mtundu wa anthu omwe mwayesera. Mukayerekeza odwala kwambiri, a mapapo obooka, ndi anyamata athanzi, pulogalamu iliyonse ioneka katswiri. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuchipatala kwenikweni osadwala TB ambiri ndi agogo, osuta fodya, odwala chibayo, ndi amene anachira TB kale koma mapapo awo anatsala ndi zipsera. Pulogalamu imawapatsa malikisi okwera, ndipo mzere umatsamira kumanja. Nawonso odwala TB amene chitetezo chawo chatsika kwambiri ndi HIV nthawi zina chithunzi chawo chimaoneka ngati chabwinobwino, ndipo mzere umalephera kukwera. Munthu akakuonetsani AUC yokongola, funsani kuti odwala ake anali otani, osadwala ake anali otani, ndipo matendawo anawatsimikiza ndi chiyani. Funsaninso ngati zithunzi za munthu mmodzi sizinapezeke ku mbali zonse ziwiri, zophunzitsira ndi zoyesera, chifukwa zikatero pulogalamu imangozindikira munthu amene inamuona kale.

Chotsala ndi kuchepa kwa anthu. Bwererani kwa wodwala wa 35 uja. Akanapeza 55, akanaposa osadwala ena awiri, magulu olondola akanakhala 22 mwa 24, ndipo AUC ikanalumpha kuchoka pa 0.83 kufika pa 0.92 chifukwa cha munthu mmodzi. Chimene chimalimbitsa nambalayi si anthu onse amene muli nawo, koma gulu lochepalo, lomwe nthawi zambiri ndi la odwala. Zithunzi 5,000 zokhala ndi odwala 30 okha zimapereka AUC yogwedera. Choncho polemba lipoti, pambali pa AUC lembani chiwerengero cha odwala ndi cha osadwala, ndiponso mpata womwe nambalayo ingagwedere. Mukafuna kunena kuti 0.88 yaposa 0.86 pa anthu omwewo, iyeseni kaye ndi njira ya DeLong ndi anzake ya mu 1988. Kenako onetsani galafuyo, mulembepo malire amene mwasankha, muwerengere chipatala kuti mwa anthu ake 1,000 angati atumizidwa kukapereka makhololo ndipo odwala angati atsala osagwidwa. Malirewo musawasankhire pa zithunzi zomwezo zimene mukuyesera pulogalamu. Patulani zina zosankhira malire, zina zoyesera.