Tsamba limodzi lopita kwa akuluakulu

M'chaka cha 2018 boma la Zambia linagawa patatu boma la Lundazi, n'kukhala Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, ndipo dera la Mfumu Yaikulu Magodi linagwera ku Chasefu. Patapita zaka zinayi, mu 2022, ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, lomwe anthu amangoti CDF, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse. Ndalama zitachuluka misonkhano inachulukanso. Makomiti a chitukuko a m'mawadi amakhala pansi kusankha zofunika, komiti ya CDF imaunika zomwe zabwera kuchokera kumawadi, khonsolo nayo ili ndi makomiti ake. Msonkhano uliwonse umabala maminitsi, ndipo maminitsi onsewo amakaunjikana pa matebulo a anthu owerengeka: mlembi wamkulu wa khonsolo, wapampando wa khonsolo, phungu, bwanamkubwa wa boma, ndiponso kunyumba ya mfumu.

Anthu amenewa sawerenga masamba khumi ndi awiri a msonkhano umodzi. Ena amati n'ulesi, koma ine ndimaona kuti munthu amene akulandira mapepala ochokera m'mawadi onse, kwinaku akuyembekezeredwa ku maliro, ku Chipata ndi kumalo omangira sukulu, amawerenga tsamba loyamba basi. Tsono ngati chinthu chofuna saini yake chili pa tsamba lachisanu ndi chinayi, chinthucho chagona mpaka msonkhano wina. N'chifukwa chake mlembi amafunika kulemba tsamba limodzi loika pamwamba pa maminitsi. Vutoli si la ku Magodi kokha. Mu Ogasiti 1940, nkhondo ili mkati, Winston Churchill analembera nduna zake kudandaula kuti malipoti atalika, n'kulamula kuti mfundo zazikulu zizilembedwa m'ndime zazifupi ndipo zatsatanetsatane ziziikidwa kumapeto.

Chomwe alembi ambiri amachita akauzidwa kuti afupikitse n'kutenga maminitsi n'kudula ndime iliyonse pang'ono. Zotsatira zake ndi maminitsi omwewo ocheperako, oyambira pa pemphero, opezeka, opepesa, kuwerenga maminitsi akale, mpaka pa zina ndi zina. Pepala lotere silithandiza. Maminitsi amatsata ndondomeko ya mmene msonkhano unayendera, chifukwa ntchito yake ndi kusunga umboni. Tsamba la akuluakulu liyenera kutsata ndondomeko ina: choyamba chikhale chimene wowerengayo ayenera kuchita, ndi tsiku loti akhale atachita. Ntchitoyi ili ngati kupeta: sitichepetsa mphale ndi madeya mofanana, timasiya mphale m'lichero, madeya n'kupita padera.

Tiyerekeze kuti komiti ya chitukuko ya wadi ina ya m'dera la Magodi yakumana kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo maminitsi afika masamba khumi ndi awiri. Mlembi atenge pensulo n'kuwerenga kuyambira pachiyambi, akufunsa funso limodzi pa nkhani iliyonse: kodi inathera pati? Ina inathera pa chigamulo. Ina inathera pa kutuma munthu. Ina inalephera kutha. Ina inali yongodziwitsana. M'maminitsi athu oyerekezawa, masamba atatu athunthu ndi mkangano wa mijigo. Midzi isanu ndi itatu inapempha, komiti inasankha itatu, ndipo zonena za aliyense zinalembedwa. Masamba awiri ndi lipoti la mkulu wa sukulu lofotokoza kuti mmisiri anasiya midadada ya makalasi itafika pa mawindo. Nkhani ya kamlatho ka pa mtsinje wa pa msewu wopita kuchipatala yangotenga mizere isanu ndi umodzi, chifukwa panalibe wotsutsa ndipo dzuwa linali litapendeka.

Mlembi wosazindikira amapereka malo molingana ndi kutalika kwa nkhani, ndiye mijigo imatenga theka la tsamba, kamlatho mzere umodzi kumapeto. Koma kutalika kwa mkangano kumangosonyeza pamene mitima inatentha. Mvula kuno imayamba cha mu Novembala, ndipo ikayamba galimoto ya simenti ndi miyala siifika pamtsinje. Mijigo itha kudikira mwezi wina, kamlatho ayi. Choncho tsambalo liyambe motere:

"Chofuna chigamulo chanu pasanafike pa 30 Seputembala: komiti ikupempha kuti kamlatho ka pa msewu wa kuchipatala kaikidwe patsogolo pa ntchito za chaka chino. Mamembala onse anavomereza. Mtengo wake sunadziwike. Komiti ikupempha kuti injiniya wa khonsolo akayeze malowo. Mukachedwa, ntchitoyi idikira mpaka mvula itatha. Onani mfundo 7, tsamba 9."

M'ndime imeneyi muli chinthu chofunika kuchita, wopempha, tsiku, chimene chichitike wowerenga akakhala chete, ndi malo opezera zambiri. Onaninso kuti mtengo wosadziwika wanenedwa poyera. Mlembi asayerekeze kulembapo nambala imene wina anangoitchula mumsonkhano mwa mphekesera, chifukwa nambala ikafika pa tebulo la bwana imasanduka bajeti. Ngati ndalama zatchulidwa m'maminitsi, zikopedwe ndendende, ndipo zinenedwe ngati ndi zopemphedwa, zovomerezedwa kapena zolipiridwa kale. Zitatuzi n'zosiyana, ndipo mikangano yambiri ya pakati pa khonsolo ndi anthu a m'midzi imayambira pa kuzisokoneza.

Mijigo ibwere pachiwiri, m'mizere inayi: midzi itatu yosankhidwa, muyeso umene unagwiritsidwa ntchito posankha, monga kutalika kwa mtunda wokatunga madzi, ndiponso mawu akuti mamembala anayi anakana n'kupempha kuti kukana kwawo kulembedwe. Apa ndi pamene ndikufuna kutsindika kwambiri. Kufupikitsa kumakokera munthu ku mawu osalala akuti "komiti inagwirizana". Ndi mawu awiri okha, osavuta kuwalowetsa, ndipo amasangalatsa wapampando. Koma ngati anayi anakana, phungu kapena nduna ya mfumu ikapita kumudzi wosiyidwawo ikakumana ndi mkwiyo umene tsambalo linabisa. Mtsogoleri amene wachita manyazi chotere sakhulupiriranso pepala la mlembi ameneyo. Zonena za munthu aliyense zitsale m'maminitsi, koma zoti panali kugawikana, ndi chifukwa chake chachikulu, zikwere pa tsamba.

Chimodzimodzinso ndi nkhani ya makalasi. Komiti inadandaula, inalankhula nthawi yaitali, koma sinagamule kanthu. Mlembi wamtima wabwino amafuna kuthandiza, n'kulemba kuti komiti ikupempha kuti mmisiriyo achotsedwe, pamene mawu amenewo ananena ndi munthu mmodzi yekha. Kumeneko n'kulemba chigamulo chimene msonkhano sunapange. Zoona zake zilembedwe momwe zilili: ntchito inaima pa mawindo, komiti sinagamule, khansala watumidwa kukafunsa ku khonsolo za ndalama zimene zinalipiridwa kale, ndipo adzayankha pa msonkhano wotsatira. Ntchito iliyonse yotumidwa ikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Ngati msonkhano sunatchule mwini, tsambalo linene kuti palibe amene anatumidwa, chifukwa zimenezo n'zimene mtsogoleri angakonze ndi foni imodzi.

Zongodziwitsana, monga masiku a katemera wa ziweto, zitha kukwana mzere umodzi kapena kusiyidwa. Pamwamba pa tsamba palembedwe dzina la komiti, tsiku la msonkhano, chiwerengero cha opezeka, ndi mawu onena ngati maminitsiwo avomerezedwa kale. Nthawi zambiri amakhala asanavomerezedwe, pakuti amavomerezedwa pa msonkhano wotsatira, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo. Zonse pamodzi zisapitirire mawu mazana atatu kapena anayi, m'zilembo za msinkhu wamasiku onse. Kuchepetsa zilembo kuti zambiri zikwane pa tsamba limodzi n'chizindikiro choti mlembi waopa kusankha.

Pali ena amene amatsutsa ntchito yonseyi, ndipo mfundo yawo ndi yolemera. Amati amene walemba tsamba limodzi ndiye wasankha zimene bwana aone, ndipo mlembi wokondera mudzi wakwawo atha kukweza mjigo wawo pamwamba popanda kunama ngakhale liwu limodzi. Zimenezo n'zoona. Koma kukana tsambalo sikuchititsa akuluakulu kuwerenga masamba khumi ndi awiri. Kumangowasiya kuti amve za msonkhano kwa aliyense amene wafika msanga ku ofesi kapena waimba foni, ndipo kufupikitsa kwa pakamwa kumeneko kulibe saini, sikungaunikidwe. Tsamba lolembedwa lili ndi chitetezo. Mfundo iliyonse iloze nambala yake m'maminitsi, wapampando wa komiti aliwerenge asanalitumize, lilumikizidwe ku maminitsi enieniwo, ndipo pa msonkhano wotsatira liwerengedwe pamaso pa mamembala kuti aliyense amve zimene zinapita kwa akuluakulu m'dzina lake.

Tsambali lili ndi malire ake. Silimalowa m'malo mwa maminitsi pamaso pa owerengera ndalama za boma kapena pa khoti. Nkhani za malire a minda, kapena zoneneza munthu kuti wadya ndalama, zisafupikitsidwe ndi maina a anthu, pakuti tsamba limodzi limajambulidwa pa foni n'kufalikira mofulumira kuposa mulu wa mapepala. Pa nkhani zotere n'kokwanira kunena kuti pali mlandu wofuna kuti mtsogoleri awerenge yekha mfundo yakutiyakuti.

Ku Magodi pali chinthu chinanso. Maminitsi amalembedwa m'Chingerezi, pamene msonkhano wambiri umayenda m'Chitumbuka, ndipo pepala lopita kunyumba ya mfumu kawirikawiri limawerengedwa mokweza ndi kumasuliridwa pomwepo pamaso pa nduna. Chiganizo chachitali chokhala ndi nthambi zinayi chimathyokera m'kamwa mwa womasulira, ndipo tsiku kapena ndalama ndi zimene zimagwa. Ziganizo zikhale zazifupi, chilichonse ndi mneni wake ndi wochita wake: "komiti yasankha", "khansala akafunsa", osati "zinakambidwa" kapena "zinaunikidwa", mawu amene sauza munthu ngati pali chimene chinatha.

Njira yoyesera tsambalo ndi yapafupi. Lipatseni munthu amene sanali pa msonkhano, mphunzitsi kapena namwino, aliwerenge kamodzi, kenaka mulitenge n'kumufunsa kuti bwana akuyenera kuchita chiyani, pofika liti, ndipo ndi nkhani iti imene sinathe. Akalephera kuyankha, vuto lili pa tsamba. Mukatero yerekezani nambala iliyonse, tsiku lililonse ndi dzina la mudzi uliwonse ndi zimene zili m'maminitsi, chimodzichimodzi.

Kwa inu alembi a makomiti, lembani tsambali mkati mwa masiku awiri kapena atatu msonkhano ukatha, zinthu zikadali m'mutu. Ndipo inu akuluakulu amene mumalilandira, yankhani pa tsamba lomwelo ndi cholembera, pambali pa mfundo iliyonse, n'kulibweza ku komiti lisanafike tsiku limene lalembedwapo.