Malo akatha mu Switch, gemu yoyamba kuchoka ikhale iti?

Nintendo Switch yoyamba, imene inatuluka mu 2017, inabwera ndi malo a 32 GB m'kati mwake, koma makinawo amadzitengerako gawo lina moti mwiniwake amatsala ndi pafupifupi 26 GB. Ya OLED ya mu 2021 ili ndi 64 GB. Malo amenewa sachedwa kudzaza. Tsiku lina mukufuna kuika gemu yatsopano, uthenga n'kubwera wakuti malo sakukwanira, ndipo makina akukuonetsani mndandanda wa magemu anu ndi kukula kwa iliyonse. Maso amathamangira pa yaikulu kwambiri, chala n'kutsatira. Ine ndikuti kusankha motere n'kolakwika, chifukwa kukula kwa gemu kumangokuuzani malo amene mupeze lero. Chofunika kufunsa poyamba ndi chakuti gemuyo ikachoka idzabweranso bwanji, pa mtengo wanji, ndiponso ngati idzabwerenso n'komwe.

Tiyambe ndi zimene mabatani amachita, poti mantha ambiri amachokera pomwepo. Kwa zaka zambiri Switch inkapereka njira ziwiri mu System Settings, pansi pa Data Management. Mukasankha Archive Software, gemu imafufutidwa koma kachithunzi kake kamatsala pa sikirini, moti mukakadina imayamba kudawunilodedwanso. Mukasankha Delete Software, gemu imafufutidwa pamodzi ndi kachithunziko, ndipo muyenera kukaifunafuna pa mndandanda wa zimene akaunti yanu inagula. Kusiyana kwake n'kumeneko basi. Malo amene mumapeza ndi ofanana, ndipo m'njira zonse ziwiri gemuyo siinasungidwe kwina kulikonse m'nyumba mwanu. Ili pa makompyuta a kampani, ndipo njira yobwerera ndi intaneti yokha.

Chimene anthu amadera nacho nkhawa kwambiri, ndiye kuti pamene anafika m'gemu, sichikhudzidwa ndi mabatani awiriwa. Kafailo kosunga ulendo wanu, kamene pa sikirini kamatchedwa Save Data, kamakhala pakokha m'kati mwa makina ndipo kamangochoka mukapita dala ku Delete Save Data. Mwana amene wakhala miyezi akulima munda wake mu Stardew Valley adzaupeza momwe anausiyira gemuyo ikadzabwerera. Koma apa pali chenjezo limodzi lalikulu. Timafailo timeneti n'tating'ono m'magemu ambiri, choncho kutifufuta sikupereka malo ooneka, pomwe n'tokhato timene simungatigulenso. Sitingasamutsidwire ku memore khadi, ndipo magemu ena, monga a Pokémon, salola kutisunga pa intaneti ngakhale mutalipira Nintendo Switch Online. Munthu wofuna malo asayandikire batani limenelo.

Tsopano tione nkhani yeniyeni. Tiyerekeze Switch ya 32 GB yopanda memore khadi, m'nyumba mmene ana ndi akulu amalandizana. Muli The Legend of Zelda: Breath of the Wild, imene imadya 13.4 GB ikakhala yodawuniloda. Muli Mario Kart 8 Deluxe, tinene 7 GB, ndi Stardew Valley imene siifika 2 GB. Zithunzi, timavidiyo ndi timafailo tosunga ulendo zatenga 2 GB ina. Pa 26 GB paja patsala 2 GB yokha, ndipo pakufunika pafupifupi 6 GB kuti Super Mario Odyssey ilowe. Ndiye kuti tikusaka 4 GB.

Zelda ndiyo ili pamwamba, ndipo kuichotsa kuthetsa vutolo nthawi yomweyo, mpaka malo kutsalako. Koma taonani mtengo wake wobwerera. Pa intaneti yothamanga 5 Mbps, kukoka 13.4 GB kumatenga pafupifupi maola 6, ngati netiweki siidukaduka ndiponso magetsi sanazime rauta ili pakati pa ntchito. Kwa amene ali ndi intaneti yopanda malire, amangoisiya usiku n'kukagona. Kwa ife amene timagula bandulo n'kulumikiza makina kudzera pa foni, 13.4 GB ndi ndalama zenizeni, ndipo tikhala tawononga zonsezo pofuna malo a 4 GB okha. Malangizo ambiri a nkhaniyi amalembedwa ndi anthu amene kudawuniloda sikuwadyera kanthu, n'chifukwa chake amati chotsani chilichonse, mudzachitenganso. Ku Lilongwe kapena ku Chipata langizo limenelo limapweteka m'thumba.

Stardew Valley ndi yotchipa kubweza, koma payokha siikwanitsa. Ikaphatikizidwa ndi zithunzi ndi timavidiyo, nkhani imasintha. Timavidiyo ta masekondi 30 tija timachuluka osadziwika, makamaka ana akazolowera kukanikiza batani lojambulira, ndipo tingathe kukoperedwa ku kompyuta ndi waya wa USB tisanafufutidwe, popanda kudya bandulo. Apo mwapeza pafupifupi 3.5 GB. Mwina zikwana, mwina ziperewera pang'ono, ndipo zikaperewera mwatsala ndi Mario Kart ndi Zelda. Apa ndiye pamalowa funso lachiwiri, lakuti ndani akuisewera ndipo liti. Ngati Mario Kart imayatsidwa Loweruka lililonse abale akasonkhana, kuichotsa n'kudzinamiza, chifukwa mudzaikokanso sabata isanathe. Ngati Zelda inatha kuseweredwa chaka chatha ndipo palibe amene waitsegula, ichoke ndithu, mtengo wake wobwerera mwina simudzaulipira n'komwe. Koma ngati wina ali pakati pa ulendo, ndi bwino Odyssey idikire kaye. Gemu yatsopano imene munaigula siithawa. Ikhalabe pa akaunti yanu mpaka malo atapezeka, ndipo njira imeneyi anthu amaiiwala chifukwa cha chidwi cha chinthu chatsopano.

Ndikudziwa kuti ena atsutsa. Anena kuti kuwerengera konseku n'kochuluka pa chinthu chosangalatsa chabe, ndi kuti lamulo losavuta likukwana: imene simunaisewere kwa miyezi itatu ichoke. Lamuloli lili ndi nzeru yake, chifukwa ambirife timasunga magemu monga zovala zimene timati tidzavala tikadzaonda. Pa magemu ambiri limagwira. Limalephera pa gulu limodzi lokha, koma pamenepo limalephera moipa, ndilo gulu la magemu amene sangabwerenso.

Chitsanzo chodziwika ndi P.T., kagemu kowopsa ka pa PlayStation 4 kamene kanachotsedwa m'sitolo ya pa intaneti mu 2015. Sikuti kanangosiya kupezeka kwa atsopano, koma ngakhale amene anali nako atakafufuta sanathenso kukadawuniloda. Si nthawi zonse zimafika pamenepo. Super Mario 3D All-Stars inasiya kugulitsidwa pa 31 Malichi 2021, koma amene anaigula amathabe kuikokanso, ndipo sitolo za 3DS ndi Wii U zitatseka malonda mu 2023 mwayi wodawunilodanso zogulidwa kale unasiyidwa. Komabe mwayi umenewu uli m'manja mwa kampani, osati mwanu, ndipo gemu imene yachotsedwa kale m'sitolo ndimaiika kumapeto kwenikweni kwa mzere wa zofufutidwa.

Kwathu kuno vuto lofala kwambiri ndi lina. Makina ambiri amafika ogwiritsidwapo kale ntchito, ogulidwa kwa munthu kapena otumizidwa ndi achibale a ku Joni kapena ku Mangalande, magemu ali kale m'kati. Magemu odawuniloda amakhala a akaunti imene inawagula, osati a makinawo. Ngati imelo ndi pasiwedi ya akaunti imeneyo mulibe, musayembekeze kuti gemu mukaichotsa idzabwerera, ngakhale kachithunzi kake katatsala pa sikirini. Njira yodziwira ndi yosavuta. Musanachotse kanthu, lowani mu Nintendo eShop ndi dzina lanu, muone ngati gemuyo sitoloyo ikuionetsa kuti munaigula kale kapena ikukupemphani ndalama. Ikakupemphani ndalama, dziwani kuti kope limene lili m'makinamo ndi lokhalo limene muli nalo. Imeneyo isachoke, ngakhale itatha chaka osaseweredwa.

Magemu a pa kakhadi kolowetsa pamwamba pa makina ali mbali inayo. Gemu yeniyeniyo ili pa kakhadiko, ndipo zimene zili m'kati mwa makina ndi zokonza ndi zowonjezera zokha. Ambiri a iwo amayakabe zokonzazo zitachotsedwa, ngakhale kuti nthawi zina kafailo ka ulendo kamene kanasungidwa gemu itakonzedwa kamakana kutseguka mpaka zokonzazo zitabwerera. Magemu oseweredwa pa intaneti pokha, monga Fortnite, nawonso ndi oyenera kuchoka msanga ngati mwawasiya, pa chifukwa china. Amasinthidwa pafupipafupi, moti mukawasunga miyezi osawatsegula mudzapezabe kuti muyenera kukoka zambiri musanasewere. Malo mwataya, bandulo nayonso simunaipulumutse kwenikweni.

Njira yokhayo imene gemu yodawuniloda imasungidwadi m'manja mwanu ndi memore khadi ya microSD. Kuyambira mu 2020, makina atalandira mtundu wa 10.0.0, Data Management ili ndi posamutsira gemu kuchoka m'kati kupita ku khadi popanda intaneti. M'chitsanzo chathu chija, khadi ya 64 GB ikanathetsa mkangano wonse: Zelda ikanasamukira ku khadi, osataya ngakhale GB imodzi ya bandulo, kupatula kuti ikanachedwako pang'ono potseguka. Khadi ikadzaza, mungazimitse makina, kuitulutsa, n'kukopera foda yonse yotchedwa Nintendo ku kompyuta kapena ku hadi diraivi. Zokoperazo zimagwira ntchito pa Switch yomweyo yokha, ndipo foda iyenera kubwezedwa yathunthu, osasakaniza ndi ya khadi ina.

Pogula khadi pafunika diso. Pamsika pali makhadi olembedwa 256 GB pa mtengo wa khadi ya 32 GB, amene anakonzedwa kuti aziuza makina bodza la kukula kwawo. Poyamba amaoneka abwinobwino, chifukwa magemu oyamba amalowa m'malo enieni amene alimo. Vuto limayamba malo enieniwo akadzaza: gemu yatsopano imaoneka kuti yalowa, koma poitsegula makina amati yawonongeka, nthawi zina pamodzi ndi ina imene inkagwira kale. Musanaiike mu Switch, iyeseni pa kompyuta ndi pulogalamu yaulere ya H2testw, imene imalemba khadi yonse mpaka kudzaza n'kuwerenganso zimene yalemba. Pa khadi yaikulu zimatenga maola angapo, ndipo muzichita khadi ikadali yopanda kanthu, gemu iliyonse isanasamutsidwe.