Kodi Mayi Wapakhomo Amangokhala?

Mukafunsa bambo wa ku Chinyonga, mumzinda wa Blantyre, kuti akazi awo amagwira ntchito yanji, kawirikawiri yankho limakhala lalifupi: amangokhala. Bamboyo sanena izi mwachipongwe ayi, ndipo nthawi zina mayi mwiniwakeyo amayankha chimodzimodzi. Tonse tinazolowera kuti ntchito ndi imene imalipidwa pakutha pa mwezi. Komabe mayi amene akuti amangokhalayo ndiye woyamba kudzuka ndi wotsiriza kugona. Tsono ngati zimene amachitazo zili ntchito, ndani amapindula nazo, nanga ndani ali naye ngongole?

Akatswiri ena a zachuma anayankha funsoli poyambira pa munthu wolembedwa ntchito. Karl Marx, m'buku lake la mu 1867, anafotokoza kuti chimene wantchito amagulitsa kwa bwana ndi mphamvu zake za tsiku limenelo. Mphamvuzo zimatha madzulo, ndipo kuti munthu abwerenso mawa ayenera kudya, kugona, kuvala zochapa ndi kusamalidwa akadwala. Akakalamba, payenera kupezeka wina wolowa m'malo mwake, amene anabadwa ndi kuleredwa zaka zambiri. Marx sanakhalitse pa funso lakuti ndani amachita zonsezi. Amayi monga Mariarosa Dalla Costa, Selma James ndi Silvia Federici, amene mu 1972 anayambitsa gulu lofuna malipiro a ntchito zapakhomo, ndi Lise Vogel m'buku lake la mu 1983, ndiwo analitola funsolo. Ganizo lawo tingalitche la kubwezeretsa mphamvu za anthu. Limati fakitale, ofesi ndi sitolo zimalandira m'mawa uliwonse munthu wokonzeka kugwira ntchito, koma sizilipira manja amene anamukonza.

Pali njira yosavuta yodziwira chimene chili ntchito pakhomo, imene Margaret Reid anaifotokoza mu 1934. Dzifunseni ngati mungathe kulipira munthu wina kuti akuchitireni chinthucho. Simungalembe munthu kuti akugonereni tulo kapena akudyereni nsima, choncho zimenezo si ntchito. Koma mungalembe wophika, wochapa, wolera mwana ndi wodwazika matenda. Zonsezi ndi ntchito, kaya wazichita wolipidwa kaya mkazi wanu.

Tiyerekeze banja lina ku Chinyonga. Bambo ndi kalaliki pakampani ina ku Ginnery Corner, ana ndi atatu, ndipo amayi a bamboyo, amene anafa ziwalo mbali imodzi, anabwera kuchokera kumudzi kuti akhale pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth. Tiwerenge tsiku la mayi wapakhomopo. Kuphika katatu, kuphatikiza kukoleza mbaula magetsi akathima, kumamudyera maola 3. Kutsuka mbale, kusesa, kukolopa ndi kusunga madzi m'zigubu kuopa kuti mpopi uuma ndi maola 2. Kuchapa ndi kusita, tikagawa pa masiku onse a sabata, ndi ola limodzi, ndipo kupita kumsika ndi ola linanso. Kusambitsa ana, kuperekeza wamng'ono kusukulu ndi kuwayang'anira polemba ntchito ya kusukulu ndi maola 2. Kusambitsa apongozi, kuwadyetsa, kuwatembenuza kuti asatuluke zilonda ndi kuwapatsa mankhwala ndi maola enanso 2. Onse pamodzi ndi maola 11, ndipo popeza mphika sudziwa Lachisanu kapena Lamulungu, pa sabata amakwana 77. Lamulo la zantchito la dziko lino la mu 2000 limati maola a wolembedwa ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula oonjezera olipidwa padera. Mayi amene amangokhala uja amaposa malirewo ndi maola 29.

Apa ganizo lija likutionetsa chinthu chimene maso sachiona msanga. Malipiro a kalalikiyu sakadakwanira akadati azigula chakudya chophikaphika, azilipira wochapa, wolera ana ndi namwino wa amayi ake. Amakwanira, ngakhale movutikira, chifukwa mkazi wake amasandutsa ufa kukhala nsima ndi sopo kukhala malaya oyera popanda kulandira kanthu. Choncho wopindula ndi maola 77 aja si mwamuna yekha. Bwana wake amapindula, pakuti amalipira munthu mmodzi n'kulandira thukuta la anthu awiri. Boma nalo limapindula, pakuti wodwala amene akusamalidwa kunyumba satenga bedi m'chipatala, ndipo ngakhale atagonekedwa, ndi wachibale wodikirira amene amamusambitsa ndi kumuchapira, nthawi zambiri mayi.

Zimenezi si zachilendo kwa ife. Malo okwerera basi a Wenela ku Blantyre anatenga dzina ku bungwe limene linkalemba amuna a dziko lino kupita kumigodi ya ku Joni, mpaka Kamuzu Banda anaimitsa ulendowo mu 1974 ndege yonyamula ogwira ntchito itagwa ku Francistown. Harold Wolpe anaonetsa mu 1972 kuti migodi inkatha kulipira ndalama zochepa chifukwa inkangodyetsa mwamuna pa nthawi imene ali ndi mphamvu. Kumulera ali mwana, kulera ana ake, kumudwazika atabwerako ndi chifuwa ndi kumusunga atakalamba zinali za kumudzi, ndiye kuti za amayi. Lero anyamata a ku Mangochi ndi ku Machinga amapita okha ku Joni, wopanda bungwe lowalemba, koma mtolo wotsala kumbuyo ukugwerabe pamutu womwewo.

Tibwerere ku Chinyonga. Tinene kuti mayi uja wapeza ntchito m'sitolo ku Limbe, ndipo banjalo lalemba mayi wina wa ku Bangwe kuti aziphika, kusesa, kuchapa ndi kupita kumsika. Maola 7 achoka kwa mwini nyumba, koma 4 a ana ndi apongozi amamudikira m'mawa ndi madzulo, pamwamba pa maola 8 a kusitolo ndi ulendo wa pa minibasi. Nanga maola 7 aja apita kuti? Sanathe ayi, angosamuka. Tsopano ali ndi mtengo, ngakhale wochepa, ndipo owerengera chuma cha dziko amayamba kuwaona, pomwe dzulo nsima yomweyo sinkawerengedwa.

Koma mayi wa ku Bangwe nayenso ali ndi khomo. Akachoka m'bandakucha, mwana wake wamkazi wa zaka 12 ndiye amatunga madzi pakiyosiki, kuphika phala ndi kubereka khanda. Akalephera, ana amatumizidwa kwa agogo kunyanja, amene amawalera ndi chimanga cha m'munda mwawo ndi usipa wopempha kwa achibale. Ntchito ya chisamaliro ili ngati madzi a mvula: imatsetsereka mpaka kukafika kwa munthu amene sangathe kukana. Pamapeto pa mzerewu pamakhala mtsikana kapena gogo, ndipo malipiro amene anayambira ku Ginnery Corner amafika kwa iwo atatheratu.

Zizindikiro zakuti mtolo wapyola msinkhu zimaoneka pakhomo pomwepo. Mtsikana amayamba kujomba kusukulu tsiku lochapa kapena tsiku limene mng'ono wake wadwala, pomwe mlongo wake sajomba. Mayi amaphonya tsiku lake la kusikelo kapena lokatenga mankhwala chifukwa palibe womusiyira ana. Kageni ka mandasi kamaima nthawi iliyonse pakagwa matenda, ndipo mpamba umadyedwa. Banja likaona zotere limati ndi umphawi, koma nthawi zambiri chimene chasowa ndi maola, osati ndalama zokha.

Ganizoli lili ndi malire ake, ndipo tiyenera kuwavomereza. Linabadwira m'maiko a mafakitale, kumene nyumba ndi malo antchito n'zosiyana. Kwathu kuno anthu ambiri ndi alimi, asodzi ndi ochita geni. Mayi amene akuyanika usipa pathandala mwana ali kumbuyo akugwira ntchito ziwiri mu ola limodzi, ndipo palibe bwana amene tingamuloze chala. Komanso pakati pa Ayao ndi Amang'anja, kumene mwambo unali wakuti mwamuna akakhale kwa mkazi, mayi ankagwira ntchito pamalo a mbumba yake, atazungulidwa ndi amayi ake ndi abale ake omuthandiza. M'tauni, m'nyumba yalendi kapena yolembedwa dzina la mwamuna, chitetezo chimenecho chimachepa, ndipo m'pamene ganizoli limagwira bwino. Malire achitatu ndi akuti chikondi sichiyezedwa pasikelo. Mayi wodyetsa apongozi ake sachita izi ngati waganyu. Komabe kunena kuti ntchito ichitika mwachikondi sikuchotsa kutopa kwake, ndipo ndi kulakwa kugwiritsa ntchito chikondi cha munthu ngati chifukwa chomusenzetsa zonse.

Tsono ngongole ija ibwezedwe bwanji? Kulipira mkazi pamwezi kuchokera m'malipiro osakwana kale kungangosuntha ndalama m'thumba lomwelo. Choyamba ndi kuvomereza kuti katundu wa banja anapezedwa ndi anthu awiri. Gawo 24 la Malamulo Aakulu a dziko lino limapatsa mayi ufulu wogawana mwachilungamo katundu wa onse awiri banja likatha, ndipo lamulo la maukwati la mu 2015 limauza khoti kuganizira zimene aliyense anathandiza, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Ngakhale Qur'an, m'Surat At-Talaq ndime 6, imalamula kuti mayi wosiyidwa ukwati amene akuyamwitsa mwana apatsidwe malipiro ake, kusonyeza kuti kuyamwitsa kumene kuli ndi mtengo.

Chachiwiri ndi kuchepetsa maolawo, ndipo apa ngongole ndi ya boma ndi olemba ntchito. Mpopi wotuluka madzi tsiku lililonse, magetsi osathimathima, phala la kusukulu ndi sukulu ya mkombaphala yapafupi zimabwezera mayi maola enieni. Chachitatu chili m'manja mwa banja lenilenilo. Mutu umodzi susenza denga. Bambo wa ku Chinyonga uja akamasambitsa ana madzulo, mwana wamwamuna akamatsuka mbale monga mlongo wake, ndipo abale a gogo wodwalayo akamasinthana pomudwazika, maola 77 amagawika popanda tambala kutuluka. Banja lomwelo likamalipira mayi wa ku Bangwe pa nthawi yake, kumuweruka dzuwa lisanalowe ndi kumupatsa tsiku lopuma, limakhala likubwezera mtsikana wa zaka 12 uja sukulu yake, ngakhale silinamuonepo nkhope.

Banja lililonse lingayese izi sabata imodzi. Tengani kope, lembani ntchito zonse zapakhomo kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, maola ake ndi dzina la amene wazichita. Tsiku lachisanu ndi chiwiri khalani pansi nonse, muwonkhetse, ndipo muone dzina limene labwera kawirikawiri.